Pulani yokapemphera ngongole yokulitsa babashopu: mulembemo zotani?

*"Ndili ndi babashopu ya mpando umodzi ku Ndirande, chino ndi chaka chachinayi. Loweruka anthu amabwerera chifukwa cha mzere, ndipo magetsi akathima ndimangokhala. Ndikufuna kuwonjezera mpando wachiwiri ndi batire, koma komwe ndikufuna kukakongola ndalama akuti ndibwere ndi pulani ya bizinesi yolembedwa. Sindinalembepo. Ndiyambire pati?"*

Achimwene, yambirani pa kope la sukulu. Kuyambira mawa m'mawa, mutu uliwonse womwe mwameta uzilowa m'kopemo: tsiku, mtengo wake, ndi ngati munthuyo walipira pamanja kapena pa foni. Tsamba lina lisungireni anthu amene afika pakhomo, n'kuona mzere, n'kubwerera. Tsamba lachitatu muzilembapo nthawi yomwe magetsi athima ndi yomwe ayakanso. Chitani zimenezi kwa miyezi iwiri kapena itatu musanalembe chiganizo chimodzi cha pulaniyo. Ngati munali kale ndi kope lotere, muli patsogolo kuposa ambiri omwe amafika pa desiki la ngongole.

Ndikukakamira pa kope chifukwa cha mmene wopereka ngongole amawerengera pepala lanu. Kaya ndi ku banki yaikulu monga NBS kapena FDH, kaya ndi ku mabungwe a ngongole zing'onozing'ono monga FINCA kapena Vision Fund, kaya ndi ku SACCO, funso lake ndi limodzi: mwezi ukatha, munthuyu akalipira lendi, magetsi ndi chakudya cha kunyumba, kodi ikhalapo ndalama yobweza? Nanga mwezi woipa ikhalapo? Pulani yonse ndi yankho la funso limeneli. Luso lanu lometa salikayikira kwenikweni, poti munthu amene wakhala zaka zinayi pamalo amodzi ku Ndirande ndiye kuti amatha. Chimene sakuchidziwa ndi manambala anu, ndipo iye sangapite kwa abwana ake ndi mawu akuti "makasitomala ndi ambiri". Ayenera kupita ndi chiwerengero.

Pa pulani yeniyeniyo masamba awiri akwana, atatu ngati mwachulukitsa. Musalipire munthu wa pa intaneti kafe kuti akukopereni pulani ya masamba makumi awiri yodzaza ndi Chingerezi chomwe inu simungachifotokoze. Ofisala wa ngongole akakufunsani za mawu a pa tsamba lachisanu inu n'kukhala chete, kukukhulupirirani kumathera pomwepo. Lembani nokha, m'Chichewa ngati amalola, ndipo ngati akufuna Chingerezi pezani wokumasulirani zomwe mwalemba inuyo osawonjezerapo zake.

Ndime yoyamba ikhale yaifupi. Dzina lanu, dzina la shopu, pomwe ili, chaka chomwe munayamba, ndalama zomwe mukupempha, zomwe mugule, ndi miyezi yomwe mubwezere. Zonsezi zilowe m'mizere isanu kapena isanu ndi umodzi pamwamba penipeni. Ambiri amayamba ndi mbiri ya moyo wawo, ndalama yopemphedwayo n'kukaibisa kumapeto. Wowerenga ali ndi mafomu ena patebulo, ndiye adziwe msanga chimene mwadzera.

Kenako mubwere pa mmene shopu ikuyendera lero. Apa tiyeni tigwire chitsanzo. Manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza kuti muone kawerengedwe kake. Inu muikepo anu a m'kope. Tinene kuti mumameta mitu 300 pamwezi pa K2,000, ndiye kuti zolowa ndi K600,000. Zotuluka: lendi K70,000, mayunitsi a Escom K25,000, sipiriti, malezala, paudala, thonje ndi mafuta a makina K45,000, mlonda ndi gawo la mwezi la laisensi ya khonsolo K20,000, kukonzetsa makina K15,000. Zonse pamodzi ndi K175,000.

Pali mzere wina womwe anthu ambiri amausiya, ndipo ndi womwe ofisala wozindikira amaufunafuna: ndalama zomwe mumapita nazo kunyumba. Ufa, ndiwo, lendi ya nyumba, fizi ya ana, zonsezi zimachoka m'kabati ya shopu yomweyo. Mukalemba kuti phindu lanu ndi K425,000 pamwezi osatchula kuti banja limadyapo, iye adziwa kuti mwina simudziwa ndalama zanu, mwina mukubisa. Lembani poyera kuti kunyumba kumapita K300,000. Zotsala zenizeni ndi K125,000, ndipo nambala imeneyi ndiyo mphamvu yanu yobwezera ngongole lero, mpando wachiwiri usanafike. Ioneke yaing'ono choncho, komabe ndi yoona, ndipo tsiku lomwe adzabwere kudzaona shopu yanu n'kukhala pabenchi ola limodzi akuwerenga olowa, zimene adzaone zidzafanana ndi zomwe munalemba.

Tsopano zogula. Musalembe kuti "zipangizo, K1,300,000". Chilichonse chikhale pa mzere wake ndi mtengo wake. M'chitsanzo chathu: mpando wowotcheredwa kwa amisiri K250,000, galasi ndi shelefu K120,000, makina ometera awiri K260,000, batire ndi inveta K620,000, matawulo ndi nsalu zofunditsa makasitomala K50,000. Pa chilichonse chachikulu katengeni kotesheni yolembedwa, ya deti ndi chidindo cha sitolo, muimate kumbuyo kwa pulani. Makina ndi mabatire ndi katundu wochokera kunja, mitengo yake imatsatira dola. Tonse tikukumbukira mmene mitengo ya m'masitolo inasinthira kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho funsani wa sitolo kuti mtengo wakewo ausunga masiku angati, chifukwa pakati pa kupereka fomu ndi kulandira ndalama pamatha kudutsa masabata angapo.

Pa batire ndiimepo pang'ono, chifukwa apa m'pamene ndalama ya ngongole imawonongekera kawirikawiri. Makina ometera amadya magetsi ochepa kwambiri. Makina awiri, mababu angapo ndi kutchaja mafoni sizifuna chinthu chachikulu. Chomwe chimamaliza batire ndi ketulo yotenthetsera madzi ndi chowumitsira tsitsi, ndipo zimenezi zisalumikizidwe kumeneko. Musanalembe K620,000, dzifunseni ngati makina otchaja awiri abwino, okhala ndi mabatire apadera, sangathetse vuto lomwelo pa mtengo wotsika. Ngati magetsi amathima maola awiri kapena atatu masana, akhoza kukwanira. Ngati amapita tsiku lonse ndipo mumameta mpaka usiku, batire ndi inveta zili ndi chifukwa. Tsamba lachitatu la kope lija ndilo likuuzeni. Mukalemba m'pulani kuti munaziyerekeza njira ziwirizi n'kusankha imodzi pa chifukwa chakuti, ofisala amaona kuti ndalama yake ikupita kwa munthu woganiza.

Pa K1,300,000 imeneyi, onetsani gawo lanu. Tinene kuti mwasunga K300,000, kaya ku banki m'khonde kaya ku akaunti, ndiye mukupempha K1,000,000. Obwereketsa ambiri amafuna kuona kuti mwini wake waikapo kena kake, ndipo ena amafuna kuti gawo lina la ndalama likhale lili kale mu akaunti yanu ngati chikole. Funsani za lamulo lawo musanalembe.

Mtima wa pulani ndi ndime yotsatira: ndalama zatsopano zichokera kuti? Apa m'pamene ometa ambiri amadzinamiza okha. Amati mpando umodzi ukubweretsa K600,000, ndiye iwiri ibweretsa K1,200,000. Sizitero. Mpando subweretsa anthu. Umangolandira anthu omwe analipo kale koma amasowa pokhala, ndi ena omwe mnyamata amene mumulembe ntchito yometa pa mpandowo angabwere nawo. Lachiwiri m'mawa, pamene inu nomwe mumakhala mukuwodzera pabenchi, mpando wachiwiri sudzameta aliyense. Ntchito yake yeniyeni ili Lachisanu madzulo, Loweruka, kumapeto kwa mwezi, ndi sabata yotsegulira sukulu pamene makolo amabwera ndi ana atatu nthawi imodzi.

Ndiye werengani kuchokera pa tsamba la obwerera lija. Ngati kope likuonetsa kuti pamwezi anthu 60 amabwerera chifukwa cha mzere, yambirani pamenepo. Lembani kuti miyezi itatu yoyamba mpando watsopano uzimeta mitu 60, ndipo pofika mwezi wachinayi mukuyembekeza 120 anthu akazolowera kuti pano sakhalitsa pa mzere. Mnyamata wometayo mugwirizana naye bwanji? Tinene kuti azitenga 40 peresenti ya mutu uliwonse. Pa mitu 120, zolowa ndi K240,000, iye atenga K96,000, shopu itsala ndi K144,000. Chotsanipo K30,000 ya sipiriti, malezala ndi magetsi owonjezera, patsala K114,000. Batire nalo, ngati kope likuti kuthima kwa magetsi kumakutayitsani mitu 40 pamwezi, likubwezerani K80,000. Mukaphatikiza ndi K125,000 ija, mwezi wabwino muzitsala ndi K319,000.

Chenjerani ndi chinthu chimodzi chimene pepala silionetsa msanga. Kasitomala wanu wakale akakhala pa mpando wa mnyamata m'malo modikira inu, ndalama sinawonjezeke, yachepa. Poyamba munkalandira K2,000 yonse, pano mukulandira K1,200. Mpando wachiwiri ukamangodya mitu ya woyamba, shopu imaoneka yodzaza koma kabati imapepuka. Mudzazindikira izi mukamalemba mitu ya mpando uliwonse payokha: ngati ya mnyamata ikukwera pomwe yanu ikutsika ndi chiwerengero chomwecho, shopu sikukula. N'chifukwa chake ine ndimalangiza kulipira pa mutu m'malo mwa malipiro a pamwezi, makamaka chaka choyamba. Mwezi ukaipa, zimene mumamupatsa zimatsika zokha, pamene malipiro okhazikika amafunika ngakhale shopu itakhala mbee.

Tibwere ku ngongole yeniyeniyo. Musanalembe ndime yobweza, pitani mukafunse mafunso atatu, ndipo mayankho ake akupatseni papepala. Chiwongola dzanja ndi zingati, pamwezi kapena pachaka? Amachiwerengera pa ndalama yonse yomwe munatenga, kapena pa yomwe yatsala? Ndipo pa K1,000,000, ndalama yofika m'manja mwanu ndi zingati akachotsa ya fomu, ya inshuwalansi ndi zina?

Funso lachiwirilo lili ndi ndalama zambiri mkati mwake. Tiyerekeze 4 peresenti pamwezi kwa miyezi 12. Akamawerengera pa ndalama yonse, imene amaitcha fulati, mwezi uliwonse chiwongola dzanja ndi K40,000 ngakhale mutabweza kale theka. Chaka chikamatha mwapereka K480,000 pamwamba, ndipo pamwezi mumabweza pafupifupi K123,300. Akamawerengera pa yotsala, chiwongola dzanja chimatsika mukamabweza, pamwezi muzipereka pafupifupi K106,600, ndipo chonse pamodzi chikhala pafupifupi K279,000. Onse awiri akuuzani kuti "4 peresenti", koma kusiyana kwake kukuposa K200,000, pafupifupi mtengo wa mpando womwe mukufunawo. Funso lachitatu nalo musalipeputse. Akadula K50,000 poyambirira, mufika ku sitolo ndalama ya inveta itaperewera, koma mukubwezabe ngati munalandira yonse. Ikani zodulidwazo m'bajeti kuyambira pachiyambi.

Tsopano ikani manambala awiri aja moyandikana: K319,000 yotsala mwezi wabwino, K123,300 yobweza. Zikuoneka bwino, ndipo ambiri amalekera pomwepa. Inu pitirizani, mulembe ndi mwezi woipa. Mukuidziwa nokha miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene fizi yatenga zonse, chimanga chakwera mtengo, mvula ikugwa madzulo, ndipo munthu amene ankameta masabata awiri aliwonse amadikira mwezi. Tinene kuti mitu yatsika ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Yanu, 300 ija kuphatikiza 40 yobwezedwa ndi batire, ichoka pa 340 kufika pa 255, yomwe ndi K510,000. Ya mnyamata ichoka pa 120 kufika pa 90, ndipo gawo la shopu likhala K108,000. Pamodzi K618,000. Lendi ndi zina zija, pamodzi ndi K30,000 ya mpando watsopano, sizitsika, ndi K205,000, kunyumba K300,000. Yotsala ndi K113,000.

Mwaona zomwe zachitika? Makasitomala angochepa ndi kota, koma ndalama yotsala yagwa kuchoka pa K319,000 kufika pa K113,000, chifukwa zolipira zambiri sizisuntha. Pa ngongole ya fulati mwaperewera K10,000. Pa yowerengera pa yotsala mwadutsa, koma movutikira. Musaope kulemba izi m'pulani. Lembani, kenako munene chimene mudzachite: kuti miyezi yabwino, makamaka Disembala, muzipatula K50,000 pamwezi mu akaunti ina mpaka ikwane kubweza miyezi iwiri. Ofisala amadziwa kale kuti Januwale ndi woipa, poti ndi mwezi womwe iye amathamangitsana ndi angongole. Akaona kuti mwauwerengera, mwamuchotsera nkhawa yake yaikulu. Ngati mwezi woipa ukukusiyani kutali kwambiri ndi ndalama yobweza, pepalalo lakuuzani zoona: chepetsani ngongole, yambani ndi batire lokha lomwe phindu lake silidalira munthu wina, mpando udzabwere pa ngongole yachiwiri. Kutalikitsa miyezi yobwezera kumatsitsa ndalama ya pamwezi, koma chiwongola dzanja chonse chimakula.

Pa za chikole, lembani zomwe muli nazodi ndipo ndi zanu. Mabungwe ang'onoang'ono amalandira katundu wa m'nyumba kapena wa mu shopu, ena amafuna mboni yomwe ili pa ntchito yolipidwa pamwezi, ena amakongoza magulu pomwe mamembala amatsimikizirana. Mabanki aakulu nthawi zambiri amafuna zolimba kuposa pamenepo, komanso sitetimenti ya akaunti ya miyezi ingapo. Ngati ndalama zanu zimangodutsa m'thumba, yambani lero kukasiya zopeza ku akaunti kawiri pa sabata, ndipo makasitomala ofuna kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba azilipira pa nambala imodzi ya shopu. Mbiri imeneyo imachitira umboni kope lanu. Mboniyo muiuze momveka kuti inu mukalephera, adzafunsidwa ndi iyo. Ndipo ine sindingakulangizeni kuika nyumba kapena puloti ya banja pa ngongole ya mpando ndi batire.

Ngongole zina zomwe muli nazo zitchuleni, ngakhale ya ku banki m'khonde. Mabanki ndi mabungwe ovomerezeka amafufuza dzina lanu ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, ndipo ngongole yobisidwa ikatulukira kumeneko, fomu yanu imaikidwa pambali. Ngati munachedwapo kubweza kwinakwake, nenani nokha ndi chifukwa chake, ndi umboni woti munamaliza.

Chinthu china chimene ometa amachiiwala ndi malo. Mukhoma galasi, mukoka mawaya, mupaka penti m'nyumba ya eni ake. Mwini nyumba akaona shopu yakongola n'kukweza lendi, kapena n'kukuuzani kuti mwana wake akufuna malowo, ngongole itsala nanu makasitomala atatsala pa malopo. Pemphani mgwirizano wolembedwa wotenga nthawi yosachepera ya ngongoleyo, wotchula lendi, wosainidwa ndi mboni. Fotokope yake ilowe m'pulani. Mnyamata wometa nayenso akhoza kuchoka ndi makasitomala ake n'kukatsegula pafupi. Nenani m'mzere umodzi kuti makina ndi a shopu, ndipo muli ndi wina amene mukumuphunzitsa.

Za opikisana nawo, mizere itatu yakwana: mababashopu angati ali pafupi, amameta pa zingati, ndipo anthu amabwereranji kwa inu. Tchulani zogwirika, monga kuti lezala ndi latsopano kwa munthu aliyense, makina amatsukidwa ndi sipiriti kasitomala akuona, mumatsegula m'mamawa anthu asanapite ku ntchito. Musalembe kuti mulibe wopikisana naye, palibe angakhulupirire zimenezo ku Ndirande.

Kumbuyo kwa masamba awiriwo mateni fotokope ya chiphaso cha unzika, laisensi ya khonsolo ya mzinda, makotesheni, mgwirizano wa lendi, sitetimenti, masamba angapo a kope lanu, ndi chithunzi cha shopu chooneka pomwe mpando watsopano udzakhale. Mukapita ku banki yaikulu, yembekezerani kufunsidwa satifiketi yolembetsera dzina la bizinesi ndi nambala ya msonkho ya ku MRA. Mabungwe ang'onoang'ono ena safuna zonsezi pa ngongole yoyamba, ndiye funsani mndandanda wawo tsiku lomwe mukafunse za chiwongola dzanja, kuti musayende kawiri.

Musanakapereke, patsani pulaniyo munthu wa kunyumba, akufunseni nambala iliyonse inu musakuyang'ana pepala. Ofisala adzachita chimodzimodzi, mwinanso ataima mu shopu mwanu. Ndipo ganiziranitu chochita akadzakuuzani kuti avomera K600,000 yokha, chifukwa pa ngongole yoyamba zimachitika kawirikawiri. Musadzailandire n'kukadzazira yotsalayo kwa a katapila. Lembani kale m'pulani kuti ndalama ikachepa muyamba ndi chiti. M'chitsanzo chathu, K600,000 pamodzi ndi K300,000 yanu ikwana batire, inveta ndi makina awiri pa K880,000, ndipo mpando ndi galasi mudzagula ndi phindu la miyezi yotsatira. Yesetsaninso kuti ndalamayo ituluke cha mu Seputembala kapena Okutobala, kuti mnyamata akhale atazolowerana ndi makasitomala pofika Disembala, ndipo Januwale akupezeni muli ndi kena kake mu akaunti ija.